Kukonza Ulendo wa Sabata Poona Chithunzi cha Zanyengo

Chithunzi cha zanyengo chojambulidwa pa foni chimakhala ndi mizere 7, tsiku lililonse mzere wake. Pamzerepo pamaoneka kadzuwa kapena kamtambo, manambala awiri a kutentha, ndi nambala ina yokhala ndi chizindikiro cha %. Woyenda asanawerenge manambalawa ayenera kuona dzina la malo lomwe lili pamwamba komanso tsiku lomwe chithunzicho chinajambulidwa. Chithunzi sichisintha, pomwe kulosera kwa nyengo kumakonzedwanso tsiku ndi tsiku. Chomwe chazungulira pa WhatsApp masiku anayi, kapena cha Blantyre pomwe ulendo ndi wa ku Mangochi, chimasocheretsa.

Nambala yayikulu, yomwe mafoni ena amailemba H, ndi kutentha kwa masana, ndipo yaying'ono, L, ndi kuzizira kwa m'bandakucha. Ngati manambalawo ali m'ma 60 kapena 70, ndiye kuti foniyo ikuwerenga mu °F, ndipo 68°F ndi chimodzimodzi 20°C. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa %. Mawu akuti 70% amanena za mwayi woti mvula igwe, osati kuchuluka kwake. Kuchuluka kumalembedwa m'mamilimita: 2 mm ndi mvula yowaza, pomwe 40 mm ikhoza kudzaza mitsinje ndi kuononga msewu wafumbi. Masiku atatu oyamba ndiwo odalirika kwambiri, choncho chinthu chomwe sichingachitike nyengo itaipa chiyenera kuikidwa m'masiku amenewa.

Chitsanzo chabwino ndi cha munthu wochoka ku Blantyre mu Julaye, wofuna kukwera phiri la Mulanje kenako n'kukapuma kunyanja. Tiyerekeze kuti chithunzi cha Mulanje chikuonetsa Lolemba ndi Lachiwiri 24 ndi 12, mvula 10%. Lachitatu ndi Lachinayi 17 ndi 11, mvula 70% koma 2 mm yokha. Lachisanu 22 ndi 11, mvula 20%. Wodziwa nyengo ya kummwera amazindikira msanga kuti pakati pa sabatapo pali chiperoni: masana azizira mwadzidzidzi, usiku sunasinthe kwenikweni, ndipo mvula ndi yowaza. M'tauni chiperoni chimangosowetsa mtendere. Paphiri ndi choopsa, chifukwa nkhungu imabisa njira ndipo miyala imaterera.

Ndondomeko yake imatuluka m'manambala omwewo. Lolemba ndi lokwera m'mawa ndi kukagona m'nyumba za alendo paphiripo, Lachiwiri ndi lotsika dzuwa lisanapendeke. Lachitatu, tsiku la nkhungu, ndi loyenera kuthera m'basi pa msewu wa tala wopita ku Mangochi, popeza mvula yowaza siimitsa galimoto.

Apa pamafunika chithunzi chachiwiri, cha Mangochi, ndipo chofunika kuona pamenepo ndi liwiro la mphepo. Mphepo yochokera kummwera chakummawa yomwe imabweretsa chiperoni kumapiri ndi yomwenso nthawi zambiri imautsa mwera panyanja. Kumwamba kukhoza kuyera, foni n'kuonetsa kadzuwa, koma mafunde ali aakulu. Ulendo wa pa bwato uyenera kudikira Lachisanu kapena Loweruka, ndipo usanayambike ndi bwino kumva chenjezo la Nthambi yoona zanyengo pa wailesi komanso kufunsa asodzi a padoko. Lachinayi lingokhala lopuma pamtunda.

Katundu wonyamula amasankhidwa poyang'ana nambala yaying'ono, koma nambalayo ndi ya kuboma, osati ya paphiri. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse okwera. Boma la Mulanje lili pa mamita pafupifupi 650, pomwe nyumba zambiri zogona paphiripo zili cha m'ma 2,000. Choncho 12 wa pa foni uja ndi 3 kapena 4 kumene munthuyo akagone, ndipo pa Sapitwa, pa mamita 3,002, kukhoza kuzizira mpaka madzi kuundana. Anthu ambiri amavutika paphiri chifukwa chodumpha samu yaing'ono imeneyi.

Njira yosavuta ndi kulemba chinthu chilichonse pamodzi ndi tsiku lake. Lolemba usiku likufuna juzi, jekete yochindikala, chipewa choluka, bulangeti ndi tochi. Lachitatu likufuna renikoti, yomwe imaposa ambulera pakakhala mphepo, ndi jumbo yokulungira foni. Masokosi akhale ochulukirapo, chifukwa m'chiperoni chochapa sichiuma. Kunyanja kumafunika zovala zopepuka, chipewa cha dzuwa ndi neti ya udzudzu, ndipo juzi yomwe ija idzagwiranso ntchito madzulo a mwera. Chinthu chopanda tsiku lake chitsale kunyumba.

Madzulo a Lachiwiri, atatsika phiri n'kupeza netiweki, woyendayo ayenera kujambula chithunzi chatsopano. Lachisanu ndi Loweruka zidzakhala zitayandikira, ndipo tsiku la bwato lidzasankhidwa poona chithunzi chimenecho.