Komishoni ya magawo: pamene masamu amayambitsa mkangano

Mwezi ukatha, m'makampani ambiri ogulitsa katundu kudzera mwa maejenti mumabuka mkangano umodzimodzi. Ejenti wawerengetsa komishoni yake pafoni n'kupeza ndalama zina, akauntanti wapeza zina. Nthawi zambiri palibe amene waba. Vuto ndi lakuti pangano limangonena kuti maperesenti azikwera malinga ndi malonda, osafotokoza kuti peresenti yapamwambayo ikhudza ndalama ziti.

Tiyerekeze kampani yogulitsa nyale za sola. Ejenti aliyense wapatsidwa tageti ya K2,000,000 pamwezi. Pa malonda ofika theka la tagetiyo, K1,000,000, komishoni ndi 3 peresenti. Kuchokera pamenepo kufika pa tageti ndi 5 peresenti, ndipo akapitirira tageti ndi 8 peresenti. Mayi wina wagulitsa nyale za K2,400,000. Alandire zingati?

Njira yoyamba ndi yowerengera gawo lililonse palokha, monga momwe msonkho wa PAYE umadulidwira pa malipiro. Miliyoni yoyamba iwapatsa K30,000, yachiwiri K50,000, ndipo K400,000 yapamwambayo iwapatsa K32,000. Zonse pamodzi ndi K112,000. Njira yachiwiri imati poti mayiwa adutsa tageti, malonda awo onse awerengedwe pa 8 peresenti, zomwe ndi K192,000. Pangano ndi lomwelo, koma kusiyana kwake ndi K80,000.

Maejenti amaikonda njira yachiwiriyi, ndipo m'pomveka. Koma taonani zomwe zimachitika pamalire. Wogulitsa za K1,990,000 alandira K99,500, pamene mnzake wa K2,010,000 alandira K160,800. Malonda asiyana ndi K20,000 yokha, komishoni yasiyana ndi K61,300. Ndiye kuti kampani yalipira ndalama zoposa zomwe malonda owonjezerawo abweretsa. Anthu sachedwa kuzindikira zimenezi. Masiku otsiriza a mwezi, amene watsala pang'ono kufika amapempha mnzake kuti amulembetsere malonda m'dzina lake, adzagawana pambuyo. Wina amakakamiza kasitomala kutenga katundu pangongole. Amene waona kuti safika amasunga maoda ake mpaka mwezi wamawa. Bwana akaona malonda akuunjikana m'masiku atatu otsiriza, kapena maejenti ambiri akuthera pamwamba pang'ono pa tageti, adziwe kuti gwero lake ndi kawerengedwe kameneka. Powerengera gawo lililonse palokha, anthu awiri aja alandira K79,500 ndi K80,800, ndipo palibenso chochitira chinyengo. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo yoyenera gulu la maejenti.

Chowerengera chake sichifuna pulogalamu yodula. Mu Excel kapena Google Sheets, ejenti aliyense akhale ndi mzere wake: dzina mu `A2`, malonda mu `B2`, tageti mu `C2`. Kenako mu `D2` lembani izi:

```
=MIN(B2,C2*50%)*3%+MAX(0,MIN(B2,C2)-C2*50%)*5%+MAX(0,B2-C2)*8%
```

`MIN` amaletsa gawo kupyola malire ake, ndipo `MAX` amaonetsetsa kuti gawo lomwe ejenti sanalifike likhale ziro, osati ndalama zochotsera. Mukakokera fomulayi pansi, iwerengera gulu lonse.

Onani kuti malire a magawo akuchokera pa tageti ya munthu aliyense, osati pa nambala imodzi ya onse. Wogulitsa mu mzinda wa Lilongwe ndi wogulitsa kumudzi, komwe ndalama zimaoneka anthu akakolola, sangasenze mtolo wofanana. Wakumudzi akapatsidwa tageti ya K1,000,000, 8 peresenti yake iyamba akangodutsa pamenepo, popanda kusintha fomula.

Musanalipire aliyense, yesani chowerengeracho ndi manambala omwe yankho lake mukulidziwa kale. Ziro ipereke ziro. Pa tageti ya K2,000,000, malonda a K1,000,000 apereke K30,000, a K2,000,000 apereke K80,000. Mukawonjezera K1,000 pamwamba pa tageti, komishoni ikwere ndi K80 basi. Ikadumpha kwambiri, penapake palakwika.

Komabe fomula ingakhale yolondola, yankho n'kukhala lolakwika chifukwa cha zomwe zalowa mu `B2`. Kodi ndi katundu amene watuluka m'sitolo, kapena ndalama zomwe zalowadi? Pa malonda olipira pang'onopang'ono ziwirizi zimatalikirana kwambiri. VAT ichotsedwe kaye, chifukwa si ndalama za kampani. Katundu wobwezedwa nayenso amavuta: kasitomala wa mayi aja akabweza nyale za K500,000, malonda awo atsika kufika pa K1,900,000 ndipo komishoni yoyenera ikhala K75,000. Ayenera kubweza K37,000, osati 8 peresenti ya K500,000, chifukwa K100,000 mwa ndalamazo inali m'gawo la 5 peresenti. Choncho mwezi wonsewo uwerengedwenso.

Inu maejenti, musanasainire pangano, pemphani abwana akuwerengereni chitsanzo chimodzi cha malonda odutsa tageti, ndipo chitsanzocho chilembedwe m'pangano momwemo.