Wantchito wachoka, koma mpando wake ukulipiridwabe

Munthu akasiya ntchito, mu ofesi amakumbukira makiyi, laputopu ndi chitupa cha kampani. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi akaunti yake ya pa intaneti. Makampani ndi mabungwe ambiri masiku ano amalipira mapulogalamu monga Microsoft 365 kapena Google Workspace, ndipo malipirowo amawerengedwa pamutu pamutu: wantchito aliyense ali ndi mpando wake, umene ena amautcha laisensi. Mwini mpando akachoka, ndalama zimapitiriza kutuluka, ndipo ngati palibe amene watseka khomo, foni imene ili m'thumba mwake imalandirabe maimelo a kampani ali khale kwawo.

Vuto lalikulu limayamba anthu akamaona akaunti, zimene zili m'kati mwake ndi mpando wolipiridwa ngati chinthu chimodzi. Ndi zinthu zitatu. Zili ngati nyumba ya lendi: kiyi ndi china, katundu wa m'nyumbamo ndi wina, ndipo pangano ndi mwini nyumba ndi nkhani inanso. Kulanda kiyi sikutulutsa katundu, ndipo kutulutsa katundu sikuthetsa lendi. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi nthawi yake yochigwirira, ndipo wosokoneza ndondomekoyo amataya mafailo kapena ndalama.

Tiyerekeze ofesi ya anthu 12 imene imagwiritsa ntchito Microsoft 365 Business Standard. Mitengo imasinthasintha, koma tiwerengere madola 12.50 pa munthu pa mwezi, mtengo umene dongosololi linkagulidwa kwa zaka zingapo pa pangano la chaka. Mpando umodzi ndi madola 150 pa chaka, ndipo ofesi yonse imalipira madola 1,800. Panganolo linayambanso pa 1 Malichi. Kumapeto kwa Juni, mayi amene amasunga mabuku a ndalama akusiya ntchito, ndipo wolowa m'malo mwawo ayamba pakapita milungu itatu.

Pa tsiku lotsanzikana, woyang'anira maakaunti, amene ambiri amangomutcha adimini, safulumira kufufuta chilichonse. Amalowa pa admin.microsoft.com, amatsegula Users kenako Active users, n'kusankha dzina la mayiwo. Ntchito yoyamba ndi kusintha mawu achinsinsi podina Reset password. Yachiwiri ndi Sign out of all sessions, imene imawatulutsa pa foni, pa laputopu ndi paliponse pamene analowerapo kale. Yachitatu ndi Block sign-in, yoletsa kuloweratu.

Wina angafunse chifukwa chochitira zonse zitatu pamene kutseka kokha kukuoneka kokwanira. Yankho lili pa nthawi. Microsoft imachenjeza kuti kutseka akaunti kungatenge mpaka maola 24 kuti kugwire paliponse. Chida chimene chinalowa kale chimakhala ndi chilolezo cha kanthawi, cha pafupifupi ola limodzi, ndipo sichifunsa mawu achinsinsi mpaka chilolezocho chitatha. Kusintha mawu achinsinsi ndi kutulutsa munthu pa zida zonse ndiye kumafupikitsa mpata umenewo. Pamene anthu asiyana mwamtendere, maola ochepawo sadetsa nkhawa kwenikweni, koma pamene wina wachotsedwa ntchito atakwiya, ola limodzi ndi lokwanira kukopera mndandanda wonse wa makasitomala.

Mpaka pano laisensi isakhudzidwe. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa mtima umathamangira kumasula mpando kuti ndalama zisapite pachabe. Laisensi ikangochotsedwa pa munthu, maimelo, kalendala ndi manambala a anthu amene anali mu bokosi lake zimasungidwa masiku 30 okha, kenako zimafufutika osabwereranso. M'bokosi la wosunga mabuku a ndalama mumakhala ma invoisi, malisiti a msonkho, makalata a kubanki ndi zokambirana ndi owerengera mabuku ochokera kunja. Kusowa kwa zinthu zoterezi sikuoneka mlungu woyamba. Kumadzaoneka pakutha pa chaka, pamene wina akufunafuna kalata ya mu Epulo, masiku 30 aja atapita kalekale.

Njira yabwino ndi kusandutsa bokosilo kukhala la onse. Pa tsamba la munthu yemweyo, pansi pa Mail, pali Convert to shared mailbox. Bokosi lotere silifuna laisensi malinga ngati silinapitirire magigabaiti 50, choncho ndi bwino kuyamba waona kukula kwake. Likasandulika, adimini amapatsa mkulu wa dipatimenti chilolezo cha Read and manage, ndipo maimelo akale amaoneka onse, atsopano ochokera kwa ogulitsa katundu amene sanamve za kusinthaku n'kumafikabe. Pali zinthu ziwiri zosayenera kuphonya. Kusandutsaku kumatheka laisensi ikadali pa munthuyo, osati itachotsedwa kale. Ndipo akaunti yakaleyo isafufutidwe, chifukwa bokosi la onse limatsamira pa iyo, imangokhala yotsekedwa.

Mafailo ali ndi njira yawoyawo. Zimene mayiwo anasunga mu SharePoint kapena m'magulu a Teams ndi za ofesi kale, ndipo sizichoka nawo. Zimene zili pangozi ndi za mu OneDrive yawo. Pansi pa OneDrive, adimini amadina Create link to files, n'kusamutsira zonse zofunika ku malo a dipatimenti. Akaunti ikafufutidwa, OneDrive imasungidwa masiku 30 ngati ofesi sinasinthe nthawiyo. Ikangosiyidwa yopanda laisensi, kuyambira mu 2025 Microsoft imaiika m'nkhokwe pakapita masiku 93, ndipo kuitulutsamo n'kolipira. Chizindikiro choti pali chimene chinaiwalika chimabwera kuchokera kwa anzawo a mu ofesi: munthu akudina linki ya bajeti imene wakhala akuitsegula chaka chonse, ndipo sikutseguka, chifukwa failoyo inali mu OneDrive ya amene anachoka.

Tsopano mpando ungamasulidwe. Pansi pa Licenses and apps, adimini amachotsa chizindikiro pa bokosi la Microsoft 365 Business Standard n'kudina Save changes. Akapita ku Billing kenako Licenses, apeza kuti mwa mipando 12, imene ili ndi eni ndi 11. Ngati mayiwo anaika Word ndi Excel pa kompyuta yawo ya kunyumba, poti laisensi imodzi imalola makompyuta asanu, mapulogalamuwo pakapita nthawi amangotsegula zolembedwa koma osalola kusintha kapena kulemba zatsopano.

Bilu ya mwezi wotsatira ikabwera, ndalama zake zimakhala zomwe zija. Sikuti wina walakwitsa. Ofesi imalipira mipando imene inagula, osati anthu amene akhalapo. Kuchotsa laisensi pa munthu kumangousiya mpandowo wopanda mwini. Kuuchotsa pa bilu ndi ntchito ina, yochitikira ku Billing, pa Your products, podina Remove licenses. Ndipo pa mapangano ambiri a masiku ano, chiwerengero cha mipando chingachepetsedwe m'masiku 7 okha kuchokera pamene yagulidwa kapena pamene pangano layambanso. Ofesi yathu ija inaphonya mpata umenewo mu Malichi. Kuyambira Julayi mpaka Febuluwale ndi miyezi 8, kutanthauza madola 100 amene adzalipiridwa kaya mpandowo uli ndi munthu kaya ulibe.

Ndiye chifukwa chake kupereka mpandowo kwa wina n'kofunika kuposa kuuthetsa. Kwa ofesi ya ku Malawi, kumene ndalama zakunja zimasowa ndipo kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola 100 si ndalama yongoinyalanyaza. Choopsa kwambiri ndi kulipira kawiri. Wantchito watsopano akafika laisensi ikadali pa dzina la wochoka, adimini amauzidwa kuti mipando yatha ndipo amapatsidwa mwayi wogula wina. Akadina mofulumira, ofesi imakhala ndi mipando 13 ya anthu 12, ndipo masiku 7 akadutsa osazindikira, wowonjezerawo umakhalapo mpaka Malichi.

Watsopano amatsegulidwira akaunti yakeyake kudzera pa Add a user, amasankhiridwa dziko limene akugwirira ntchito, ndipo amapatsidwa laisensi yomasuka ija. Malamulo a Microsoft amaletsa kusamutsa laisensi imodzi kawiri m'masiku 90, koma kuchoka kwa wantchito ndi chimodzi mwa zifukwa zimene lamulolo limamasula. Kenako amapatsidwa chilolezo cha bokosi la onse lija kuti aone kumene mnzake anasiyira.

Pali njira yachidule imene maofesi ang'onoang'ono amaikonda, ndipo ndi yoipa: kungosintha dzina pa akaunti yakale n'kupatsa watsopano mawu achinsinsi. Zimaoneka zosavuta, koma watsopanoyo amalandira zonse za mnzake, kuphatikizapo makalata a za malipiro ake, za kuchipatala, ndi macheza a pa Teams amene sanalembedwe kuti mlendo awerenge. Mbiri ya mafailo imasokonekera, moti n'kovuta kudziwa amene anasintha nambala inayake ndi tsiku limene anaisintha, nkhani yaikulu kwambiri pa mabuku a ndalama. Komanso nambala ya foni yotsimikizira polowa ingakhale ikadali ya wochoka uja. Ngakhale pa bokosi la onse, ulemu umafuna kuti wochokayo apatsidwe mpata wochotsa zake za iye mwini tsiku lomaliza lisanafike, ndipo chilolezo chipite kwa anthu amene ntchito yawo ikufunadi, osati ofesi yonse.

Ogwiritsa ntchito Google Workspace amakumana ndi zofanana, koma masiku ndi ena. Akaunti yofufutidwa ingabwezedwe m'masiku 20, osati 30, ndipo akaunti yongoimitsidwa imalipiridwabe ngati yogwira ntchito. Pa Flexible Plan bilu imatsika munthu akafufutidwa, pamene pa pangano la chaka mipando imachepetsedwa panthawi yoliyambanso basi.

Zonsezi zimayenda ngati wochokayo ndi wantchito wamba. Zimavuta pamene iye ndiye anali Global Administrator yekhayo, kapena pamene khadi lolipirira ndi lake. Mu maofesi ang'onoang'ono zimachitika kuti amene anatsegula akaunti zaka zapitazo ndi mnyamata amene ankadziwa makompyuta kuposa anzake, ndipo palibe anaganizapo zomuikira wachiwiri. Akachoka udindo usanaperekedwe kwa wina, palibe amene angatseke akaunti yake kapena kumasula mpando wake, ndipo ofesi imayamba ulendo wautali wotsimikizira kuti dzina la pa intaneti ndi lake. Choncho kalata yosiya ntchito ikangofika, funso loyamba likhale la udindo umene munthuyo ali nawo pa akaunti ya kampani. Ngati ndi adimini, wina apatsidwe udindowo pansi pa Manage roles, ayese kulowa mwini wakeyo akadalipo, ndipo khadi lisinthidwe ku Payment methods.

Nanga ngati wolowa m'malo sadzabwera n'komwe? Pamenepo mpando umakhala wopanda mwini mpaka pangano litatha, pokhapokha ngati pali wophunzira ntchito kapena waganyu amene angaugwiritse ntchito pakadali pano. Chotsala kwa adimini ndi kulemba tsiku la 1 Malichi pa kalendala ya ofesi, osati pa yake yokha, n'kuonetsetsa kuti mipando yatsika kufika pa 11 masiku 7 aja asanathe. Ofesi imene inagula kudzera kwa wogulitsa wapakati iyenera kumuuza mwezi usanakwane, chifukwa kumeneko batani lochepetsera mipando lili m'manja mwa wogulitsayo.