Kalata Yolembera Munthu Ntchito Isasiye Mpata wa Mkangano

Mikangano yambiri ya pa ntchito imayambira pa chiganizo ngati ichi: "Malipiro anu ndi K250,000 pamwezi." Wolembedwa ntchito amayembekezera kulandira ndalama yonseyo, pomwe bwana akunena za malipiro asanadulidwe. Choncho lembani momveka kuti K250,000 imeneyi ndi msonkho usanachotsedwe, ndiponso kuti 5 peresenti ya penshoni idzadulidwa pamenepo, kampani nkuwonjezapo 10 peresenti yake. Ngati pali alawansi ya nyumba, ikhale pa mzere wakewake. Tchulaninso tsiku lolandirira malipiro.

Tsiku loyamba ntchito likhale lenileni, monga 1 Julaye, osati "mwezi wamawa".

Nthawi yoyesedwa ndiyo imasokoneza ambiri. Lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limalola nthawiyi kwa antchito aluso, koma isapitirire miyezi 12. Mukalemba miyezi 3, nenaninso ngati ingawonjezedwe, komanso kuti munthuyo adzalandira kalata yomutsimikizira ntchito. Mukangokhala chete miyeziyo itatha, mudzavutika kuuza bwalo la milandu ya za ntchito kuti ankayesedwabe.

Asayine makope awiri asanayambe ntchito, imodzi atenge.