Kuzula chikwama pamkeka ndi chala chimodzi

Amene amagulitsa katundu pa WhatsApp amalidziwa vutoli. Chikwama n'chokongola, mtengo ndi wabwino, koma pachithunzi paonekanso ndowa, phazi la mwana ndi khoma losuluka. Wogula amayamba waona ndowayo asanaone chikwama. Kale kuchotsa zinthu zakumbuyozi kunkafuna kompyuta ndi munthu wodziwa Photoshop. Lero mafoni ena amachita okha ntchitoyi. Simufunika kuikamo pulogalamu ina, ndipo bandulo siitha, chifukwa zonse zimachitikira m'kati mwa foni momwemo.

Choyamba dziwani ngati foni yanu ili m'gulu limeneli. Pa iPhone, lusoli linabwera mu 2022 ndi iOS 16, ndipo limagwira kuyambira pa iPhone XS ndi XR kupita m'tsogolo. Ogula mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito asamale apa: iPhone 8 ndi iPhone X zinalandira iOS 16, koma sizizula chinthu pachithunzi, chifukwa ubongo wa m'kati mwake ndi wakale. Pa Samsung linabwera mu 2023 ndi One UI 5.1, limodzi ndi Galaxy S23, kenako linafika pa mafoni ena a kampaniyi, koma osati onse. Nambala ya One UI imapezeka mu Settings, About phone, Software information. Kuyesa kwachidule pa foni iliyonse ndi uku: tsegulani chithunzi cha munthu kapena kapu, ikani chala pa chinthucho, musachichotse kwa kamphindi. Mukaona kamzere kowala kakuzungulira m'mphepete mwake, foni yanu imatha.

Tiyeni titenge chikwama cha amayi chofiirira, cha kaunjika, chokhala ndi zogwirira ziwiri ndi lamba wautali wa paphewa. Ndasankha chikwama dala, chifukwa chili ndi zonse zimene zimavutitsa foni: mbali yaikulu yosavuta, lamba woonda, ndi mpata pakati pa zogwirira.

Ntchito yeniyeni imachitika musanaike chala pasikirini. Foni sidziwa chikwama chanu monga mukuchidziwira inu. Imangoyerekeza kuti chinthu chachikulu pachithunzi ndi chiti, kenako n'kufufuza malire ake, pamene mtundu kapena kuwala zikusintha. Malire akamaoneka bwino, imadula bwino. Akasokonekera, imadula mongoganizira. Mukaika chikwama chofiirira pamkeka wofiirira, foni idzatenga kachidutswa ka mkeka n'kukaphatikiza ku chikwama, kapena idzadya ngodya ya chikwamacho. Mukachiika pachitenje cha maluwa, lamba adzasochera m'maluwamo. Choncho kumbuyo kukhale kwa mtundu umodzi, wosiyana ndi wa katunduyo. Khoma loyera, simenti yosesa bwino, nsalu yopanda maluwa kapena kuseri kwa kalendala yaikulu, zonsezi zimakwanira. Katundu woyera amafuna kumbuyo kwakuda, wakuda kumbuyo koyera.

Kuwala nakonso kumasankhidwa. Dzuwa la masana limaponya mthunzi wakuda bii pambali pa chikwama, ndipo mthunziwo ukagundana ndi chikopa chakuda, malire amatayika. Malo abwino ndi pakhonde kapena pafupi ndi khomo lotsegula, pamene kukuwala koma dzuwa silikumenya mwachindunji. M'nyumba madzulo ndiye poipa kwambiri, chifukwa chithunzi chimachita mbuu ndipo m'mphepete mwa zinthu mumasungunuka. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu yofewa, gogodani pachikwama pasikirini kuti kamera ilunjike pomwepo, ndiye jambulani.

Chikwama chonse chilowe pachithunzi, ndipo pakhale mpata mbali zonse. Ngati lamba watulukira kunja kwa chithunzi, foni ilibe kokamutenga, ndipo pa chozulidwacho adzaoneka wodulidwa mowongoka. Ine ndimalangiza kumupinda lambayo n'kumugoneka pathupi la chikwama, kapena kumulowetsa m'kati n'kumujambula payekha. Musachigwire ndi dzanja pojambula. Foni imaona dzanja ndi chikwama ngati chinthu chimodzi, ndipo idzazula zonse pamodzi ndi mkono.

Tsopano kuzula kwenikweniko, kumene ndi kwachidule. Pa iPhone, tsegulani chithunzicho mu Photos, ikani chala pakati pa chikwama, dikirani kufikira kuwala kutadutsa, ndiye chotsani chala. Pamwamba padzatuluka Copy ndi Share, ndipo kuyambira pa iOS 17 palinso Add Sticker. Kuti musunge chozulidwacho ngati chithunzi chapachokha, dinani Share kenako Save Image. Pa Samsung, tsegulani mu Gallery, gwirani chimodzimodzi, ndipo mudzaona Copy, Share ndi Save as image. Chithunzi choyambirira chija sichikhudzidwa, chimakhala momwe chinalili.

Zikakanika pa foni imene imatha, zifukwa zake n'zochepa. Chithunzi cha iPhone chikayamba kuyenda m'malo mozulika, ndiye kuti ndi Live Photo. Sankhani Duplicate, kenako Duplicate as Still Photo, n'kuyesa pa chatsopanocho. Chala chikagwera pa zilembo, monga dzina losindikizidwa pachikwama, foni imaganiza kuti mukufuna mawuwo, choncho sunthirani pamalo opanda zolemba. Ikazula zikwama ziwiri pamene mumafuna chimodzi, dulani kaye chithunzicho kuti patsale chimene mukufuna.

Anthu ambiri amathera pomwepa n'kutumiza. Musatero. Tsegulani chozulidwacho, chikulitseni ndi zala ziwiri, muyende nacho m'mphepete monse pang'onopang'ono. Pali malo atatu oyang'anitsitsa. Oyamba ndi mpata wa pakati pa zogwirira: kawirikawiri foni imadula bwino kunja, koma m'katimo n'kusiya kachigamba ka khoma kapena ka mkeka. Achiwiri ndi zinthu zoonda, lamba, kanyolo ka zipi, mphonje. Nthawi zina zimaduka pakati, theka lilipo theka lapita. Achitatu ndi kamzere ka mtundu wachilendo kozungulira chinthucho. Mukajambulira paudzu, m'mphepete mumatsala kobiriwira, ndipo kamaonekera kwambiri mukaika chikwamacho poyera. Ichi ndi chifukwa chake ndi bwino kujambulira pa mtundu wofanana ndi umene mudzaikepo pamapeto. Ngati mukufuna kumbuyo koyera, jambulirani poyera, ndipo kotsalirako sikadzaoneka.

Mu Photos ya iPhone mulibe chida chokonzera malire amenewa ndi dzanja. Wina angaone ngati n'chilema chachikulu, koma kwa wongoyamba ndimaona kuti palibe chimene wataya. Kujambulanso kumatenga nthawi yochepa kuposa kulimbana ndi m'mphepete pogwiritsa ntchito chala chonenepa pa sikirini yaing'ono. Mpata wa zogwirira ukatsalira, imikani zogwirirazo kuti mpatawo ukule ndipo khoma loyera lionekere bwino, kapena zigonekeni pachikwama kuti mpata usakhalepo n'komwe.

Pali zinthu zina zimene njirayi siizitha ngakhale mutajambula mwaluso. Botolo lagalasi kapena thumba lapulasitiki loonekera m'kati limanyamula zakumbuyo m'thupi mwake, ndipo foni singazichotse popanda kuboola botololo. Masipoko a njinga, neti ya udzudzu ndi nsalu ya mabowomabowo zimatuluka zili ndi zigamba. Tsitsi lolukidwa limazulika bwino, koma lopesa lotambasuka limadulidwa m'mphepete n'kuoneka ngati chisoti. Pa zimenezi, yankho ndi kujambulira pamalo oyera bwino n'kusiya chithunzi chili chomwecho.

Tsopano nkhani imene imakhumudwitsa ambiri: mwazula bwinobwino, mwatumiza, koma kwa mnzanu chikwama chafika chili pakuda bii kapena poyera pamene simunaikepo. Foni sinalakwe. Chozulidwa chimasungidwa m'fayilo ya mtundu wa PNG, imene imatha kusunga malo opanda kanthu, oonekera. Zithunzi wamba ndi za mtundu wa JPEG, ndipo JPEG ilibe malo otero: kadontho kalikonse kayenera kukhala ndi mtundu. WhatsApp ikamatumiza chithunzi mwanjira yanthawi zonse imachifinya n'kuchisandutsa JPEG, ndiye malo opanda kanthu aja amadzazidwa. Ngati mukutumiza kwa munthu amene akukupangirani chikwangwani kapena khadi la ukwati, ndipo akufuna chozulidwacho chili chomwecho, tumizani ngati Document. Fayilo idzafika yosasinthidwa. Dziwaninso kuti pa iPhone mukakokera chozulidwa mwachindunji m'macheza a WhatsApp chimasanduka sitika, yomwe ndi yaing'ono, yabwino pocheza koma yosathandiza wogula amene akufuna kuona ulusi wa chikwama.

Ngati cholinga ndi Status, musasiye kuti pulogalamu ikusankhireni zakumbuyo. Ikani nokha. Njira yosavuta pa mafoni onse awiri ndi iyi: dinani Copy pa chikwama, tsegulani tsamba lopanda kanthu mu Notes kapena Samsung Notes, gwirani chala patsambalo, sankhani Paste. Lembani mtengo m'munsi ngati mukufuna. Kenako jambulani sikirini, n'kudula zam'mbali. Onetsetsani kuti foni siili pa Dark Mode, apo ayi tsambalo lidzakhala lakuda ndipo chikwama chofiirira chidzamira. Malire a njirayi ndi akuti chithunzi chomaliza sichingapose kukula kwa sikirini yanu. Ya iPhone XR ndi iPhone 11 ili ndi timadontho 828 m'lifupi, pamene kamera yake imajambula timadontho topitirira 3,000 m'lifupi momwemo. Pa Status zimakwanira. Posindikiza papepala lalikulu, chithunzi chidzaoneka chophwanyikaphwanyika, choncho wosindikiza mupatseni PNG ija.

Amene ali ndi iOS 17 kapena yoposa apo ali ndi njira ina yoika chikwama pa chithunzi china, monga cha thebulo loyera. Sankhani Add Sticker pa chikwamacho, tsegulani chithunzi cha thebulo, lowani pokonzera, dinani kacholembera ka Markup, kenako chizindikiro cha + ndi Add Sticker. Mutha kuchisuntha ndi kuchikulitsa ndi zala. Apa pali msampha umodzi. Pozula, mthunzi wa chikwama unatsala pachithunzi chakale, ndiye pathebulopo chimaoneka ngati chikuyandama. Diso la munthu limaona zimenezi msanga, makamaka ngati kuwala kwa pathebulo kukuchokera kumanzere pamene kwa pachikwama kukuchokera kumanja. Pa mtundu umodzi wopanda kanthu vutoli silioneka kwenikweni, ndipo n'chifukwa chake wongoyamba ndimamulangiza kukhala pa tsamba loyera kufikira dzanja litazolowera.

Amene ali ndi zikwama khumi kapena makumi awiri asavutike kugwira chimodzichimodzi mu Photos. Pa iPhone, sungani zithunzizo mu Files, gwirani chala pa fayilo, sankhani Quick Actions kenako Remove Background, ndipo PNG yatsopano idzaoneka pambali pa yakale. Mukazisankha zingapo pamodzi, lamulo lomweli limagwira pa zonse nthawi imodzi. Komabe chilichonse chitseguleni pachokha n'kuchikulitsa musanachiike pa Status, kuyambira pa mpata wa zogwirira.