Kulemba nkhani ya abwenzi okumana pa Wenela patapita zaka 40

Tiyerekeze kuti mukulemba nkhani yaifupi ya madoda awiri amene anakulira mudzi umodzi ku Ntcheu. Wina anapita kumigodi ya ku Joni cha m'ma 1980, natchona. Mnzake anatsala n'kumalima mbatata ya kachewere. Lero onse ali pa depoti ya Wenela mu Blantyre, malo amene dzina lake linachokera ku bungwe lomwe linkatumiza Amalawi kumigodi komweko. Kukumanako n'kosavuta kulemba. Pamene alembi ambiri amapunthwa ndi pa kuzindikirana.

Nkhope ya munthu wa zaka 65 siiulula mnyamata wa zaka 25. Imvi zamera, mano ena anaguluka, thupi lafota kapena lanenepa. Mlembi akangoti "atangomuona anamuzindikira", wowerenga sakhulupirira. Chozindikiritsa chikhale chinthu chimene sichikalamba: kaseka, kayendedwe kotsimphina, chipsera cha chikwanje pachala, kapena mawu. Mwina mtchona uja akunenerera mtengo wa nthochi, ndipo mnzake, atamufulatira, akumva liwulo asanaone mwini wake. Apa musafulumire. Amuyang'ane, akayike, ayang'ane kumbali, amuyang'anenso. Munthu wamkulu amaopa manyazi olonjera mlendo ngati m'bale.

N'chifukwa chake ayambe ndi ulemu wonse:

"Pepani bambo, kodi kwanu si ku Ntcheu?"

"Eya, n'komweko. Nanga inu ndinu ndani, achimwene?"

Akatchula dzina lapaubwana, lija ankaitanana kubusa, ulemu uja umagwa wokha: "Iwe! Ukadali moyo?" Madoda awiri oitanana "iwe" pakati pa anthu auza kale wowerenga kuya kwa ubwenzi wawo, mlembi osawonjezerapo kanthu.

Cholakwika china, chimene ine chimanditopetsa kwambiri, ndi kuwasandutsa owerenga mbiri. Wina akuyala zaka zonse 40 m'ndime imodzi, akumuuza mnzake ngakhale zimene onse awiri akuzidziwa. Anthu otere amayamba ndi kufunsana za amoyo ndi akufa. "Nanga mayi?" "Anatisiya chaka cha njala ija, 2002." Yankho limodzi lotero likusonyeza kuti mtchona sanabwere kumaliro, mwinanso uthenga sunamupeze.

Depoti imathandiza mlembi pa chinthu chimodzi chachikulu: nthawi. Minibasi imanyamuka ikadzaza, choncho mpando uliwonse wotengedwa ukudula macheza. Oitanira akukuwa, kondakitala akumenya chitseko, kwatsala anthu awiri. Ikani pakati pa abwenziwo nkhani imodzi yosatha, kaya ngongole, kaya mkazi amene wina anamusiya pachitomero mnzake n'kumukwatira. Wowerenga aidziwe msanga, kenaka adikire kuona ngati mmodzi wa iwo alimbe mtima kuitchula minibasi isanadzaze.