Funso lalifupi, yankho lokhala ndi mitu

Munthu akafunsa ChatGPT ngati dzira limapsa pa mphindi 10, yankho loyenera ndi chiganizo chimodzi. Koma kawirikawiri pamatuluka mutu wakuda bii, mfundo zitatu zondandalikidwa, kenako mzere wobwereza zomwe zanenedwa kale.

Chizolowezichi chili ndi gwero lake. Pophunzitsa makinawa, anthu amafananitsa mayankho awiri n'kusankha labwino, ndipo looneka mwadongosolo limakopa maso msanga. Makina amatengera zomwezo.

Vuto ndi loti mndandanda umameza mawu ngati "chifukwa" ndi "komabe", amene amalumikiza ganizo ndi linzake, choncho wowerenga amatsala ndi zidutswa. Uthengawo ukaikidwa pa pulogalamu yosazindikira Markdown, zizindikiro za `##` ndi `**` zimangoti mbwee m'mawu monse.