Ofusayidi: werengani anthu awiri pa nthawi imene mpira ukumenyedwa

Mpira uli mu ukonde, womwetsa chigoli wayamba kale kuvina, ochemerera ali m'mwamba. Koma kumbali kwa bwalo kwaima munthu wonyamula mbendera, dzanja lili njo! Chigoli chakanidwa. Kwa amene wangoyamba kumene kuonera mpira wamiyendo, apa ndi pamene mutu umaima, chifukwa palibe amene wakankhidwa, palibe amene wagwira mpira ndi manja, komabe woyimbira akuti palakwika. Chalakwika ndi malo amene womwetsa chigoliyo anaima. Imeneyo ndiye ofusayidi, lamulo la nambala 11 mwa malamulo 17 a mpira amene amasungidwa ndi bungwe la IFAB.

Chifukwa chokhalira ndi lamuloli n'chosavuta kumva. Aliyense amene anaonerapo ana akusewera mpira wachikulunga pamsewu akudziwa mwana uja amene safuna kuthamanga. Amangoima pafupi ndi golo la anzake, kudikirira kuti mpira umupeze, iye angokankhira. Mpira wa akuluakulu ukanalola zimenezi, matimu bwenzi akungomenya mipira italiitali kupita kwa munthu wobisalira pagolo, pakati pa bwalo popanda chochitika. Lamulo la ofusayidi limakakamiza wosewera kutsogolo kuti malo abwino omwetsera chigoli awapeze ndi liwiro komanso nzeru, osati kukagonerako.

Chinthu choyamba kuchigwira ndi nthawi. Ofusayidi imayezedwa pa kamphindi kamene mnzako wamenya kapena wakhudza mpira. Pamene iwe waulandirira si pamene pamayezedwa. Ambiri okangana m'mabwalo ndi m'nyumba zoonetsera mpira amaphonya pomwepa. Amaona wosewera akulandira mpira ali yekhayekha ndi goloboyi, n'kukuwa kuti ofusayidi, chonsecho pamene mpira unkachoka paphazi la mnzake, munthuyo anali asanadutse aliyense. Choncho yerekezani kuti masewero aima chilili ngati chithunzi, pa nthawi yeniyeni imene phazi lakhudza mpira, ndipo pachithunzipo funsani mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi wosewerayo ali kutheka la bwalo la adani ake? Ngati ali kutheka la timu yake, kapena waima pamzere wapakati penipeni, nkhani yathera pomwepo, palibe ofusayidi. Funso lachiwiri: kodi ali kutsogolo kwa mpira, kutanthauza kuti wayandikira mzere wakugolo kuposa mpirawo? Ngati ali kumbuyo kwa mpira kapena walingana nawo, palibenso mlandu. Funso lachitatu, lomwe ndi mtima wa lamuloli: kodi pakati pa iye ndi mzere wakugolo pali adani angati? Ayenera kukhalapo awiri kapena kuposa. Wina mwa awiriwo akhala kuti walingana naye ndendende, amawerengedwabe, pakuti kuyambira mu 1990 kulingana si ofusayidi. Munthu amakhala pamalo a ofusayidi pokhapokha zonse zitatu zitamutsutsa: ali kutheka la adani, ali kutsogolo kwa mpira, ndipo adani otsala kutsogolo kwake sakukwana awiri.

Tiyese ndi manambala. Timu yofiira ikuukira golo la timu yabuluu. Goloboyi wa yabuluu waima mamita 2 kuchokera pamzere wa golo lake. Wotchinga kumbuyo amene watsalira kwambiri ali pa mamita 20, kunja pang'ono kwa bokosi lalikulu, lomwe mzere wake uli pa mamita 16.5. Anthu awiri aja ndi amenewa, ndipo malire a ofusayidi ali pamene paima wachiwiriyo, pa mamita 20, kudutsa bwalo lonse m'lifupi mwake. Wosewera pakati wa yofiira ali ndi mpira pa mamita 35. Ngati pamene akuumenya womwetsa zigoli wake ali pa mamita 18, ndiye kuti wadutsa kale wotchinga uja, ndipo kutsogolo kwake kwatsala goloboyi yekha. Akangoulandira, mbendera ikwera. Koma ngati anali pa mamita 21, n'kuthamanga mpira uli m'njira mpaka kukaulandirira pa mamita 12, palibe cholakwika ngakhale aoneke kuti ali yekha. N'chifukwa chake omwetsa zigoli odziwa ntchito amathamanga chopingasa, motsatira mzere wa otchinga, n'kukhotera kugolo pokhapokha mpira ukachoka paphazi.

Zimathekanso mosemphanitsa. Wosewera amene anali pa mamita 18 pamene mpira unkamenyedwa sangadzipulumutse pobwerera kuti akaulandirire pa mamita 25. Chithunzi chija chinajambulidwa kale.

Funso lachiwiri lija, la mpira, limagwira ntchito kwambiri pamene osewera awiri adutsa otchinga onse ndipo atsala ndi goloboyi yekha. Apa malire sakhalanso wotchinga, amakhala mpira. Amene ali ndi mpira ali pa mamita 10, mnzake ali pa mamita 12: akamupatsira, chigoli ndi chabwino. Mnzakeyo akakhala pa mamita 8, ndi ofusayidi. Lamulo siliyang'ana kumene mpira walowera, kaya kutsogolo, m'mbali kapena kumbuyo. Limayang'ana pamene wolandirayo anaima.

Tsono pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale anthu amene aonera mpira zaka zambiri. Lamulo silinena kuti goloboyi ndi wotchinga mmodzi. Limangoti adani awiri. Poti goloboyi nthawi zambiri amakhala pagolo, tinazolowera kuyang'ana wotchinga womaliza yekha, koma goloboyi akachoka pagolo mawerengedwe amasintha.

Izi zinaoneka poyera pa 11 Juni 2010, pamasewero otsegulira chikho cha dziko lonse pakati pa South Africa ndi Mexico, pabwalo la Soccer City ku Johannesburg. M'chigawo choyamba Mexico inamenya kona. Goloboyi wa Bafana Bafana, Itumeleng Khune, anatuluka kuti akauthane mpirawo m'mwamba koma sanaupeze. Wosewera wa Mexico anaugunda ndi mutu, ndipo unafika kwa Carlos Vela amene anali pafupi ndi golo, iye n'kuulowetsa mu ukonde. Mbendera inakwera. Ambiri oonera anadabwa, pakuti pamzere wa golo panali pataima Steven Pienaar, zomwe zinkaoneka ngati Vela anali asanadutse wotchinga womaliza. Koma werengani. Pamene mutu uja unkagunda mpira, Khune anali kutali ndi golo kuposa Vela. Pakati pa Vela ndi mzere wakugolo panatsala munthu mmodzi yekha, Pienaar. Awiri sanakwane, ndipo wonyamula mbendera analondola. Masewerowo anatha 1-1.

Nkhani ya Vela ikuphunzitsanso china. Pali mipira itatu imene munthu sangagwidwe nayo ofusayidi akailandira mwachindunji: kona, golokiki, ndi mpira woponya ndi manja kuchokera kumzere wam'mbali. Vela akanalandira kona ija osakhudzidwa ndi mnzake, sipakanakhala mlandu. Koma mnzake atangougunda ndi mutu, chithunzi chatsopano chinajambulidwa, ndipo pachithunzi chimenecho Vela anali pamalo olakwika. Firikiki ilibe mwayi umenewu, imayezedwa ngati mpira wina uliwonse.

Kuima pamalo a ofusayidi pakokha si mlandu. Wosewera akhoza kuima kuseri kwa otchinga onse, woyimbira osaliza wenzulo, malinga ngati salowerera m'zochitika. Amalowerera m'njira zitatu. Yoyamba ndi kukhudza mpira umene mnzake wamenya. Yachiwiri ndi kusokoneza mdani ngakhale osaukhudza mpirawo, monga kuima patsogolo pa goloboyi n'kumutchinga maso, kapena kulimbirana mpira ndi wotchinga. Yachitatu ndi kupindula ndi malo akewo: mnzake wawomba, mpira wagunda chitsulo cha golo kapena goloboyi wauthana, iye n'kuupeza ndi kumwetsa. Chigoli chotero chimakanidwa, chifukwa pamene mnzake ankawomba iye anali kale pamalo olakwika. Koma ngati anaima kutali kumbali, ndipo mpira wa mnzake walowa wokha popanda iye kusokoneza aliyense, chigoli chimawerengedwa.

Nanga mpira ukachokera kwa mdani? Ngati wotchinga anali ndi mpata, wauona mpira bwinobwino n'kuusewera mwadala, monga kubwezera goloboyi wake koma n'kuperewera, amene waulanda alibe mlandu ngakhale anaima kuseri. Ngati mpira wangomugunda wotchingayo n'kupatuka, kapena amatchinga mpira wopita m'golo, mlandu ulipobe. Kusiyanitsa kusewera mwadala ndi kungogundidwa kumatsalira m'maso mwa woyimbira, ndipo mikangano yambiri imabadwira pamenepa.

Poyeza amene wadutsa mnzake, amawerenga mutu, thunthu ndi miyendo. Manja ndi mikono, kuchokera m'khwapa kutsika, siziwerengedwa, ngakhale za goloboyi. Choncho bondo kapena chala cha kuphazi chikapitirira wotchinga wachiwiri, n'chokwanira. Chilango chake n'chopepuka: palibe khadi, adani amangopatsidwa firikiki pamalo pamene mlandu wachitikira, ndipo firikiki imeneyi singalowe m'golo mwachindunji, iyenera kukhudza wosewera wina kaye. Mudzaona woyimbira ataimika dzanja limodzi m'mwamba posonyeza zimenezo.

Ntchito ya wonyamula mbendera ndi yovuta kuposa mmene imaonekera. Ayenera kuyenda molingana ndi wotchinga wachiwiri nthawi zambiri, kwinaku akuona phazi limene likumenya mpira mamita ambiri kumbali ina. Otchinga nawo amatchera msampha: amasunthira kutsogolo onse pamodzi mpira usanamenyedwe, kuti womwetsa zigoli atsale kuseri. Mmodzi akachedwa, msampha waphwasuka, pakuti malire amakhala pa wochedwayo. Pamene pali VAR, monga m'chikho cha dziko lonse kuyambira mu 2018, onyamula mbendera amauzidwa kuti pokayikitsa adikire mpaka kuukirako kuthe, kuti asaphe chigoli chabwino. Ndiye chifukwa chake pa kanema mumaona mbendera ikukwera mochedwa. Pamene palibe VAR, chiweruzo cha maso a munthu ndicho chomaliza.

Njira yophunzirira msanga ndi kusintha poyang'ana. Mukakhala kubwalo, pezani mpando wam'mbali osati wakuseri kwa golo, pakuti kuseri kwa golo simungaone amene wapitirira mnzake. Timu ikamaukira, siyani kaye kutsatira mpira, mupeze mdani wachiwiri kuchokera kumzere wakugolo, ndipo maso akhale pa iye ndi pa womwetsa zigoli amene wamuyandikira. Khutu ndilo likuuzeni pamene mpira wamenyedwa, monga amachitira onyamula mbendera ambiri. Pa kugunda kumeneko, onani amene ali kutsogolo kwa mnzake.